Ndati Ndili Bwino, Mumafuna Ndilire Pamsewu?

Adzukulu anga a ku Lilongwe, a ku Blantyre, ndi inu a ku Joni amene mumangotitumizira zithunzi mutavala majekete aubweya, ikani mafoni pansi mundimve. Mphekesera yandipeza kuno ku Mzimba yoti mwatitsegulira mlandu ife akuluakulu. Akuti ndife abodza. Akuti munthu bondo likumubaya, chimanga chathera mu Disembala, ng'ombe yalowa m'munda mwa eni ake, koma ukamufunsa kuti "Muli uli, agogo?" amayankha mosaphethira kuti "Nili makora, kwali imwe?" Akutinso wofunsayo naye ndi wachinyengo, chifukwa amafunsa phazi lili kale m'mwamba, sadikira n'komwe yankho. Wina mwa inu, amene dzina ndalisunga chifukwa cha ulemu wa amayi ake, wafika ponena kuti moni ungothetsedwa, anthu azingokwezerana nsidze.

Ndikulemba m'Chichewa chifukwa Chitumbuka chanu chimayambira pa "monire" n'kuthera pa "yewo", ndipo sindikufuna wina adzanene kuti sanamve.

Tiyambe ndi masamu, poti ndinagwirapo choko. Tiyerekeze kuti ndanyamuka pamsika wa pa Boma kupita kudepoti, ndipo panjira ndakumana ndi anthu 30 ondidziwa. Kwa munthu amene anaphunzitsapo theka la tauni, chiwerengero chimenecho n'chochepa. Aliyense andifunse mmene ndilili, ine ndimuuze zoona zokhazokha: bondo, diso lamanzere, mtengo wa feteleza, ndi khalidwe la adzukulu anga. Mphindi zisanu kwa aliyense, ndipo ndachita kufupikitsa. Zakwana mphindi 150, maola awiri ndi theka. Koma moni sayenda mbali imodzi, nawonso ayenera kundiuza zawo, ndiye maola akwana asanu. Basi ya ku Jenda yapita, dzuwa lapendeka, ndipo tauni yonse ya Mzimba yaima m'mbali mwa msewu ikufotokozerana za m'mimba. Limeneli ndiye dziko la choonadi limene mukutifunira?

Komatu nthawi ndi chifukwa chaching'ono. Chachikulu n'chakuti funso la pamsewu lili ndi ntchito ina, yosiyana ndi imene inu mukuliganizira. Ndikati "Mwatandala uli?" kwa munthu amene tinakanganapo za malire a munda chaka chatha, ndikumuuza kuti ndamuona, ndikumuwerengabe ngati munthu, ndipo pakati pathu njira sinatsekeke. Iye akayankha n'kundibwezera funso, wavomera. Mukafuna kudziwa kulemera kwa mawu amenewa, taonani zimene zimachitika akasowa. Kumudzi, munthu akakudutsa osapereka moni, madzulo ake nkhani yafika kale kuchitsime, ndipo anthu ayamba kufufuza chimene chinalakwika. Khalani pabwalo la anyakwawa tsiku la milandu mumve mmene madandaulo ambiri amayambira: "Papita miyezi sakundipatsa moni." Palibe amene amadandaula kuti mnansi wake sanamufotokozere bwino za chimfine chake. Uthenga weniweni wa moni uli m'kuperekedwa kwake, ndipo yankho limangotsimikiza kuti walandiridwa.

Musaganize kuti ndi nzeru za m'mudzi zokha. Katswiri wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Bronislaw Malinowski wa ku Poland, anakakhala pakati pa anthu a pa zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, ndipo mu 1923 analemba kuti pali mawu ena amene anthu amayankhula pongofuna kumanga ubale, popanda nkhani yoti auzane. Patapita zaka, mu 1975, inatuluka nkhani ya Harvey Sacks wa ku Amereka, amene ankatchera khutu pa mmene anthu amachezera. Mutu wake unali wakuti aliyense amayenera kunama, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali funso lomweli. Iye anaona kuti ukayankha kuti "sindili bwino", wamukakamiza mnzakoyo kufunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo iwe uyenera kufotokoza. Ndiye munthu asanayankhe amayamba wayeza ngati wofunsayo ali woyenera kumva nkhaniyo, komanso ngati nthawi yake ndi imeneyo. Azunguwo anachita kulemba mabuku. Amayi anga, amene sanaponde m'kalasi, ankazidziwa zonsezi akusenda chinangwa.

Mfundo ya Sacks ija kuno imalemera kwambiri, ndipo apa mutchere khutu, inu amene mumakhala m'mipanda ya njerwa osadziwa dzina la mnansi. Kwathu kunena vuto ndi kupempha. Ndikauza mwana wa mlongo wanga pamsewu kuti ufa watha m'nyumba, sangayankhe kuti "pepani" n'kumapita. Ndamusenzetsa katundu. Ayenera kupisa m'thumba, ndipo ngati m'thumbamo mulibe kanthu, ndamuchititsa manyazi anthu akuona. Iyenso mwina ufa unamuthera dzana. Choncho tonse awiri timati tili bwino, tonse awiri tikudziwa kuti mwezi ndi Febuluwale ndipo nkhokwe zikulira mphepo, ndipo aliyense amapita ulemu wake uli wathunthu. Inu mukuti limeneli ndi bodza. Bodza limafuna kuti wina apusitsidwe. Apa wapusitsidwa ndani?

Palinso nkhani ya makutu. Msewu uli ndi makutu ambiri kuposa anthu amene mukuwaona. Mayi woyembekezera salengeza pamsika. Mnyamata amene wapeza ndalama ya ulendo wa ku Joni sauza aliyense wokumana naye tsiku lonyamuka, ndipo ambiri timangomva kuti anapita. Ena amaopa nsanje, ena amaopa zamatsenga, ena amangoopa angongole. Ine, monga mkulu wa mpingo wopuma, za matsengazo sindinenapo kanthu, koma angongole ndawaona ndi maso. "Ndili bwino" amasunga nkhani kuti ifike kaye kwa eni ake. Kodi n'zoona kuti matenda a amayi anu awamve kaye wogulitsa tomato pa Jenda, mlongo wawo asanamve?

Tsono apa ndi pamene mlandu wanu ukugwera. Mukuganiza kuti chifukwa sitinena zoona pa moni, ndiye kuti sitinena zoona konse. Ayi. Makolo anakonza malo ake a choonadi, ndipo malowo ndi malonje. Moni ali ngati odi wa pakhomo, malonje ndiye kulowa m'nyumba. Inu mwakhala mukuimirira pakhomo n'kumadandaula kuti simukuona mipando.

Ndikufotokozereni mmene zimayendera, pang'onopang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu simunakhalepo pansi mphindi khumi popanda chala kuyenda pagalasi. Tiyerekeze mnyamata watumidwa kuchokera kufupi ndi Jenda kupita kwa abambo ake aakulu kumbali ya Embangweni. Bambo ake adwalika, agonekedwa kuchipatala, ndipo pakufunika munthu wamkulu komanso ndalama. Mnyamata watsika pa njinga yamoto, mtima uli m'mwamba. Panjira yolowera m'mudzi akumana ndi mayi wina atasenza ndowa, amufunsa mmene alili ndi mmene awasiyira kunyumba. Iye ayankha kuti ali bwino, kunyumba aliko. Wachita bwino. Mayiyo si mwini nkhani, ndipo akanamva, uthenga ukanafika kwa abambo aakuluwo kudzera kuseri kwa nyumba, utakula kale kawiri.

Afika pakhomo, aodira, ayankhidwa. Sayamba kulankhula ali chiimire. Mwana abweretsa mpando kapena mphasa, mlendo akhala, ndipo pamakhala kanthawi kachete kuti thukuta liume. Kenaka eni nyumba ndi amene amabwera kudzamupatsa moni, mmodzimmodzi, amayi atagwada, ana atanjuta, ndipo kwa aliyense yankho ndi lomwe lija: ali bwino. Inde, ngakhale bambo ake ali pabedi la kuchipatala. Akanena pamenepo kuti zinthu zavuta, amayi a pakhomopo ayamba kulira, ana abalalika, oyandikana nawo athamangira, ndipo palibe amene amve bwino kuti wodwala ndani, wadwala chiyani, ali kuti.

Onse atakhazikika, mwini khomo amafunsa malonje. Apa mnyamata amayamba patali. Anena kuti wanyamuka m'mawa, wayenda bwino, panjira sanakumane ndi chovuta. Anena za mvula ya kwawo ndi mmene chimanga chikuonekera. Atchula a kunyumba mmodzimmodzi, kuyambira amene ali bwino. Kenaka mawu amatsika: "Koma adada ndiwo sakupeza bwino. Anayamba Lachiwiri ndi kutentha thupi, Lachinayi tinapita nawo kuchipatala, ndipo awagoneka. Kudya akudya pang'ono. Amama ndiwo andituma kuti ndidzakuuzeni." Taonani kuti zonse zanenedwa: tsiku, chizindikiro, malo, ndi amene watuma. Palibe chabisidwa. Ngakhale ndalama sanaitchule, aliyense wamva kuti ikufunika.

Mwini khomo samudula mawu. Amangovomera ndi "yewo" kapena kung'ung'udza pang'ono, kusonyeza kuti akutsatira. Mnyamata akamaliza, mkuluyo nthawi zambiri amabwereza nkhani yonse kwa mkazi wake ndi ena amene ali pomwepo, ngakhale onsewo amva ndi makutu awo. Ndakuonanipo mukuseka zimenezi, mukuti agogo ayamba kuiwala. Simukudziwa kuti kubwerezako ndi risiti. Ngati mkuluyo wamva Lachitatu pamene mnyamata anati Lachinayi, pomwepo akonzedwa. Ndiponso nkhani ikatuluka m'kamwa mwa mwini khomo, yasanduka ya banja lonse, ndipo mnyamata watula katundu wake. Pambuyo pake eni khomo amapereka malonje awo, kunena za kwawoko, zabwino ndi zoipa. Madzi osamba m'manja abwera, nsima idyedwa, ndipo mkulu uja ali kale m'nyumba kufunafuna nsapato ndi kuwerenga ndalama za fodya zimene anabisa.

Ndiye mundiuze, oweruza anga: pa ulendo wonsewu, mnyamata wanama pati? Wanena kuti ali bwino mwina kasanu ndi kawiri, ndipo wanena zoona zonse kamodzi, kwa munthu woyenera, anthu atakhala pansi moti wina akafooka sagwa patali.

Uthenga wa maliro ndiye umasamalidwa koposa. Wotumidwa kwa mayi wokalamba kapena kwa munthu amene ali kutali kawirikawiri sanena kuti m'bale wamwalira. Amati matenda akula, mukufunika msanga. Wamkulu aliyense akamva mawu amenewa amadziwa chimene angakapeze, ndipo amayi amatenga chitenje chapadera. Koma amapatsidwa mpata woyenda ulendo miyendo ili ndi mphamvu, n'kukamvera pakati pa abale amene angamugwire. Inu masiku ano mumaika chithunzi cha malemu pa WhatsApp ndi kandulo pambali thupi lisanazizire, ndipo mlongo wake amamvera mu minibasi pa Chikangawa, pakati pa anthu osamudziwa. Mukatero mumadzitcha anthu onena zoona. Ine ndili ndi dzina lina la khalidwe limeneli, koma ndalonjeza agogo anu aakazi kuti ndilemba mwaulemu.

Pali chinanso chimene makutu anu otsekedwa ndi timawaya sakumva. "Ndili bwino" si mmodzi. Ali ndi masitepe, ndipo munthu woleredwa amawamva. Wina akati "Tili makora" mawu ali pamwamba, n'kubweza funso msanga, ndiye kuti zilidi bwino, kapena zimene zilipo si zanu. Akati "Pachoko waka", kapena m'Chichewa "Pang'ono", watsegula zenera, ndipo mukhoza kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Akati "Tadzuka", osawonjezera "bwino", kapena "Tiliko", muime kaye. Akati "Ife tadzuka, kaya mwanayu", ndiye kuti usiku sanagone, ndipo ngati muli ndi nzeru mutsike panjinga. Akayankha bwinobwino koma osakubwezerani funso, vuto lili pakati pa inu ndi iye, ndipo muyambe kukumbukira ngati munabweza khasu lija. Palinso kupuma kumene kumabwera yankho lisanatuluke, ndi maso amene amayang'ana pansi. Choonadi chimakhalamo m'moni, koma chimayankhula motsitsa, kuti amene akufuna kumva amve, ndipo amene akuthamangira basi apite popanda mlandu.

Kudzigwira kotereku kuno kuli ndi mizu yake. Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, n'kudzakhazikika kuno pansi pa M'mbelwa, anali anthu a nkhondo ndi a bwalo, ndipo ankalemekeza munthu wodziwa kugwira nkhope ndi lilime lake. Margaret Read, mayi wa ku Mangalande amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba zambiri za mmene ana ankaphunzitsidwira ulemu ndi kudziletsa. Chingoni chinatha m'kamwa mwa ambiri, tinatenga Chitumbuka cha amayi athu, koma khalidwelo linatsala. Pitani ku Hora mu Ogasiti pa mwambo wa Umthetho mukaone mmene anthu amafikira pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ndi makhosi ena. Palibe amene amafika n'kuyamba kufotokoza za msana wake. Ndipo munthu akakupatsa moni n'kutchula chiwongo chako, kuti Jere, kapena Tembo, kapena NyaMoyo, wakuika pakati pa makolo ako onse. Munthu woikidwa pamalo otero sayankha ndi nkhani ya chimbudzi chimene chagwa ndi mvula.

Ndisanapitirire, ndikufunseni za moni wanuwo, inu akatswiri a choonadi. Ndimakumvani. Wina ati "Bho?" winayo ati "Bhobho." Wina ati "Zikuyenda?" winayo ati "Shapu." Mnyamata mayeso walephera, chibwenzi chamuthawa, nsapato ndi yobwereka, koma ali shapu. Kodi pamenepa mwafotokoza mwatsatanetsatane? Mukuchita zomwezo zimene ife timachita, kungoti mwadula miyendo ndi manja, kwatsala chiwuno chokha. Zimenezo sindikukuletsani, chifukwa anyamata a m'badwo uliwonse amakhala ndi phokoso lawo. Mlandu wanu weniweni ndi wakuti mwasunga moni n'kutaya malonje. Mumafika pakhomo panga, "bho agogo" muli chiimire, n'kufunsa pamene pali soketi. Mukatero mumabwerera ku tauni n'kukanena kuti agogo sanena za kukhosi. Munandipatsa mpata uti? Munakhala pansi liti?

Tsono poti ndine woweruza wachilungamo, ndivomere kuti mwambowu uli ndi malo amene umapweteka, ndipo pamenepa muli ndi kamfundo, kakang'ono, musakule nako mtima. Malo oyamba ndi kuchipatala. Gogo wayenda mtunda wautali, wakhala pamzere kuyambira m'mawa, walowa, dokotala amufunsa kuti "Muli bwanji, agogo?" ndipo iye ayankha kuti ali bwino, kaya adokotala. Sananame. Wayankha moni, ndipo akudikira kuti afunsidwe malonje. Dokotala wozindikira amadziwa zimenezi, amalandira moniyo kenaka n'kufunsa funso lachiwiri: chakubweretsani n'chiyani, chinayamba liti, chikupweteka pati. Koma ngati kunja kuli anthu ambirimbiri ndipo wofunsayo ndi wachinyamata wothamanga, gogo angatchule mutu wokha, n'kusiya kuti miyendo ikutupa, kuti usiku akukodza pafupipafupi, kuti akakwera kachitunda mpweya ukumuthera. Abwerako ndi panado, pamene zizindikiro zimene wasiyazo zikanachititsa kuti amuyeze shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mtima. Ndiye mukaperekeza okalamba kuchipatala, ntchito yanu si kunyamula chikwama chokha. Muwafunse malonje a thupi lawo muli panjira, muwasunge m'mutu, ndipo m'chipindamo moni ukatha muwakumbutse mwaulemu kuti anene zonse. Akuluakulu omwewo amene anatiphunzitsa kudzigwira anatichenjezanso kuti wobisa matenda maliro adzamuulula.

Pali nkhani zinanso zimene sizidikira mpando. Mwana akakomoka ndi malungo, mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, munthu akalumidwa ndi njoka, nyumba ikamapsa, palibe za odi. Mufuule muli pamsewu pomwepo. Makolo sanali opusa, ndipo mfuu anaisiyira ntchito yake.

Malo achiwiri ndi amene amandisowetsa tulo, ndipo apa ndisiya kaye nthabwala. Mzimba ndi boma la anthu a paulendo. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare, ena pansi pa Wenela, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ena sanabwerere, tinkawatcha machona. Lero ulendo ukupitirira pa basi, ndipo nyumba zamalata zimene mukuziona ku Embangweni, ku Edingeni ndi ku Manyamula zambiri zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Kale kalata inkatenga milungu, koma inali ndi malonje: munthu ankayamba ndi moni, kenaka n'kudzaza tsamba lonse. Lero foni imafika pompopompo, koma ndi yaifupi, ndipo kawirikawiri imathera pa moni ndi pa funso lakuti ndalama yafika kapena ayi.

Taganizirani mmene kucheza kumeneku kumayendera. Mwana ali ku Johannesburg, ntchito inatha mwezi watha, mapepala ake anatha nthawi, akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi ndipo akutsokomola. Afunsidwa ndi amayi ake mmene alili, ati ali bwino, chifukwa safuna kuwadetsa nkhawa ndi zinthu zimene sangazithe. Amayi nawo kuno denga likudontha ndipo BP yakwera, koma ati tili bwino, chifukwa mwana ali m'dziko la eni, asasokonezeke. Onse awiri achita mwaulemu, onse awiri achita mwachikondi, ndipo mayunitsi atha. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Kumudzi bodza lotere silikhalitsa, chifukwa maso amathandiza: umaona wekha kuti munthu waonda, ndipo mawa udzamupeza pakhonde. Pafoni palibe maso, palibe mpando, palibe mawa lokumana. Ndi mmene mabanja ena amadzidzimukira ndi uthenga woti asonkhe ndalama zobweretsera thupi, pamene sabata yatha yomweyi munthuyo anati ali bwino.

Mankhwala ake si kuthetsa moni, monga akufunira mdzukulu wanga wa nsidze uja. Mukafunsa munthu wa ku Joni kuti "Ndiuze zoona, uli bwanji?" adzangobwereza mokweza kuti ali bwino, chifukwa funsolo ndi lomwe lija, mwangolivekako chipewa. Muyenera kumupangira malonje pafoni pomwepo. Mulandire kaye "ndili bwino" wakeyo, musamutsutse. Muimbe nthawi imene waweruka, osati ali pa ntchito bwana akumuyang'ana, ndipo mumuuze kuti bandulo ilipo yokwanira, simukuthamanga. Muyambe inu kupereka malonje anu, ndi kavuto kamodzi koona ka kuno, chifukwa munthu savula malaya pamaso pa amene wavala jekete. Kenaka mufunse mafunso amene sayankhidwa ndi "bwino": wadya chiyani lero, wapita kuntchito masiku angati sabata ino, ukugona ndi ndani m'nyumbamo, chifuwa chija chinatha liti. Akati "pang'ono", musathamangire kudzaza mpatawo ndi nkhani za mpira. Mukhale chete, amalize. Ndipo tsiku limenelo musatchule za ndalama, chifukwa mwana amene akudziwa kuti foni iliyonse imathera pa pempho amaphunzira kunena kuti ali bwino mofulumira kuti afike pa mutu wa nkhani.

Mudziwenso mnzake mmodzi wa kumeneko, wa kumudzi konkuno, amene mungamufunse padera. Anyamata a ku Mzimba ku Joni amadziwana ndipo amasonkherana pa mavuto, ndiye amene akugona naye chipinda chimodzi amadziwa zimene mayi ake sakuzidziwa.

Za ine, poti ndamva kuti mukufunitsitsa lipoti lonse, lilipo ndipo ndi lalitali. Lili ndi mutu wa bondo, mutu wa diso, ndi mutu wapadera wonena za amene anatenga wailesi yanga pa Khirisimasi n'kuibweza yopanda mabatire. Koma siliperekedwa pamsewu, siliperekedwa kwa munthu woimirira, ndipo silitumizidwa pa WhatsApp. Amene akulifuna akwere basi, atsikire pa Boma, ndipo abwere ndi shuga, chifukwa limatenga makapu atatu a tiyi.